Mameseji a Chichewa akugwera kwa anthu osamva Chichewa, ndiwagawe bwanji?

Tadala: Akuluakulu pagulu pano ndigawireni nzeru. Ndili ku kampani ina kuno ku Lilongwe yogulitsa masola apangongole. Kasitomala amalipira pang'onopang'ono pafoni, ife n'kumutumizira nambala yoti alowetse kuti magetsi ayake. Madandaulo amabwera pa WhatsApp ndi pa SMS, onse n'kugwera m'bokosi limodzi. Oyankha alipo asanu. Atatu ndi a Chichewa. Awiri ndi a Chingerezi: mkulu wa zaumisiri wochokera ku Kenya, ndi mtsikana wina yemwe anakulira ku Mangalande, Chichewa chake chimathera pa moni. Kugawa mameseji ndimachita ndekha pamanja, moti ndikapita kukadya nsima zinthu zimaima. Sabata yatha ndinayesa kuti kompyuta izigawa yokha ndi pulogalamu yozindikira ziyankhulo yotchedwa langdetect:

```python
if detect(uthenga) == "ny":
    mzere = "chichewa"
else:
    mzere = "english"
```

Tsiku lonse a Chichewa sanalandire meseji ngakhale imodzi. Ankangosewera ndi mafoni pomwe awiri aja akutuluka thukuta. Ndalakwitsa pati?

Gift wa ku Zomba: Achemwali musavutike ndi zonsezo. Onani nambala basi. Yoyamba ndi +265 ipite kwa a Chichewa, ina yonse kwa a Chingerezi. Kapena muone chiyankhulo chimene munthuyo anaika m'foni mwake.

Kondwani: A Tadala, vuto lili pa mzere woyamba womwewo. langdetect imadziwa ziyankhulo 55 zokha, ndipo Chichewa mulibe. Ndiye kuti `ny` siingatuluke ngakhale mudikire chaka. Tsoka lake n'loti sinena kuti "ichi sindikuchidziwa". Imangotola chiyankhulo chimene chayandikira pa zomwe ikuzidziwa. Tatsegulani zomwe inalemba tsiku limenelo mutiuze.

Tadala: Ndaona. Zambiri ndi `sw`, ndiye kuti Chiswahili, zina `tl`, chiyankhulo cha ku Philippines, zina `id`, cha ku Indonesia. Abale inu! Ndiye n'chifukwa chake bambo a ku Kenya aja anabwera pa desiki panga akuseka, amvekere zilembo zikuoneka ngati zakwathu koma sindikutolapo kanthu.

Che Amidu: Ine ndikuona ngati mukuzungulira. Bwanji osangoika zomasulira? Meseji ikabwera ya Chichewa isanduke Chingerezi, aliyense ayankhe, yankho libwerere m'Chichewa. Mdzukulu wanga amatero ndi homuweki.

Tadala: Che Amidu, anthu oyankha m'Chichewa tili nawo kale atatu, sitikusowa womasulira. Chomwe ndikufuna n'choti meseji ifike kwa munthu woyenera. Komanso pa nkhani ya ndalama za munthu sindingafune kuti "ndalipira kawiri" isandulike chinthu china panjira.

Kondwani: A Gift, maganizo anu onse awiri ali ndi potayikira. Makasitomala a kampani ya a Tadala pafupifupi onse ali pa +265, kuphatikizapo sukulu, zipatala za mishoni ndi mabungwe amene amalemba Chingerezi. Pomwe mwana wa kuno yemwe ali ku Joni pa +27, akulipirira mayi ake sola ku Dedza, alemba Chichewa chenicheni. Za chiyankhulo cha m'foni ndiye musayerekeze n'komwe. Mafoni ambiri kuno amangokhala pa Chingerezi momwe anachokera m'sitolo, ndipo SMS sibwera ndi chizindikiro chilichonse chonena za zimenezo.

Gift wa ku Zomba: Chabwino, ndagonja. Koma ndiye angotembenuza funso lija. Ikati `en` apite ku Chingerezi, china chilichonse ku Chichewa. Chingerezi ndiye imachidziwa eti?

Tadala: Ndinatembenuza Lachinayi, ndipo zinasinthadi. Koma pali mtundu umodzi wa meseji umene ukundisowetsa mtendere. Munthu akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba amalandira uthenga wotsimikiza, wa Chingerezi. Iye amaukopera wonse, n'kuwonjezera pansi mawu awiri: "sinabwere nambala". Kompyuta ikuona mizere itatu ya Chingerezi ndi timawu tiwiri ta Chichewa, basi `en`. Lachisanu madzulo meseji yotere ya mayi wina wa ku Kasiya inagwera kwa mtsikana wa ku Mangalande uja. Iye anaona ngati ndi lisiti chabe, osayankha. Tinadzaipeza Lolemba m'mawa, mayiyo atagona mumdima masiku atatu ali wolipira. Ndipo poti pa WhatsApp ya bizinesi pakadutsa maola 24 chilembereni kasitomala sungamulembere momasuka, tinachita kuyamba ndi uthenga wokonzeratu uja wovomerezedwa, ngati kuti ndife alendo kwa iye.

Anambewe: Pepani ndalowa mochedwa. Ine za makodi sindizidziwa, koma ndayang'anirapo oyankha mafoni ndi mameseji zaka zingapo pa ofesi ina ku Blantyre. Funso langa kwa a Tadala: atatu a Chichewa aja, Chingerezi amawerenga?

Tadala: Amawerenga onse mayi. Awiri amalembanso bwino. Wachitatu amamva koma amachita manyazi kulemba.

Anambewe: Ndiye yankho lanu lagona pamenepo. Kulakwitsa kwanu kuli pawiri, koma sikolemera mofanana. Meseji ya Chingerezi ikasochera kwa wa Chichewa, iye aiwerenga, ayankha yekha kapena aikankhira kwa anzake, mwataya mphindi ziwiri. Ya Chichewa ikasochera kwa wa Chingerezi, sadziwa n'komwe kuti ndi dandaulo, moni, kapena munthu akunena kuti batire likufuka utsi. Imangokhala. Ndiye lekani kuifunsa kompyuta kuti ichi n'chiyankhulo chanji. Muziifunsa kuti, kodi tatsimikiza kuti meseji iyi ndi Chingerezi chokhachokha? Ikangokayika pang'ono, ipite kwa amene amamva zonse ziwiri.

Kondwani: Anambewe anena zomwe ndimati ndilembe, ndipo anena bwino kuposa ine. Ndingoika m'kodi. Pa ziyankhulo ziwiri zokha simufunika chinthu chachikulu. Kandandanda kakang'ono ka mawu kamagwira ntchito, bola musankhe timawu tolumikizira chiganizo, osati mayina a zinthu. Mawu ngati `token`, `battery`, `account`, `balance` sakuuzani kanthu chifukwa aliyense amawalemba choncho ngakhale pakati pa Chichewa.

```python
import re

NY = {"ndi", "kuti", "koma", "chonde", "zikomo",
      "bwanji", "ayi", "ine", "yanga", "langa"}
MITU = ("ndiku", "ndina", "nda", "sindi",
        "sina", "siku", "saku", "tiku")
EN = {"the", "is", "my", "not", "you",
      "have", "what", "when", "with", "for"}

def mzere(uthenga):
    t = uthenga.lower().replace("’", "'")
    mawu = re.findall(r"[a-zŵ']+", t)
    ny = sum(m in NY or m.startswith(MITU) for m in mawu)
    en = sum(m in EN for m in mawu)
    if ny >= 1:
        return "nya"
    if en >= 3:
        return "eng"
    return None
```

Tiyese ndi mameseji atatu. Woyamba walemba `Ndalipira dzulo koma token sinabwere please help`. "Ndalipira" akuyamba ndi nda, "koma" ali pa ndandanda, "sinabwere" akuyamba ndi sina. Zitatu za Chichewa, ndiye `nya`, ngakhale muli mawu atatu a Chingerezi. Wachiwiri walemba `I have paid but the token is not coming`. Cha Chichewa palibe, za Chingerezi zinayi: have, the, is, not. Ameneyo `eng`. Wachitatu ndi mayi a ku Kasiya aja. Lisiti litalike bwanji, "sinabwere" yekhayo akukwana kuwakokera kwa a Chichewa. Ikabweza `None`, monga munthu wangolemba `ok` kapena watumiza nambala yokha, apitenso kwa a Chichewa.

Mitu ya aneni ija ndi imene imanyamula katundu wambiri, chifukwa Chichewa chimamata zonse pa liwu limodzi. Simungalembe ndalipira, ndatumiza, ndayesa, ndadikira mpaka kumaliza, koma onsewo akuyamba mofanana.

Gift wa ku Zomba: Nanga bwanji simunaike "ndi" pa mitu? Bwenzi atagwira ndikufuna, ndinalipira, ndili, zonse kamodzi.

Kondwani: Ndirande, achimwene. Aliyense wolemba Chingerezi wokhala ku Ndirande akanasanduka wa Chichewa.

Anambewe: Hahaha. Koma ngakhale pamenepa simunathawe. Ndinali ndi wantchito dzina lake lomwelo loyamba ndi Nda. Munthu akalemba `My name is Ndaziona, the battery is not charging` mwamuponya ku Chichewa. Ndipo ku Mulanje kuli malo otchedwa Chonde. Ejenti wa kumeneko azingogwera mbali imodzi moyo wake wonse.

Kondwani: Zoona, ndipo ndikuvomera kulakwitsa kumeneko dala, poti kukugwera mbali yosapweteka. Chomwe muyenera kusamala kwambiri ndi ndandanda ya Chingerezi. Musaikemo make, wake, lake kapena kale. "Mwana wake", "dzina lake", "ndinalipira kale": zonsezo ndi Chichewa chokhachokha chovala malaya a Chingerezi.

Limbani: Kuno ku Mchinji onjezani `cake` pa mawu osayenera kuikidwa pa ndandanda ya Chingerezi. Anzathu a ku Chipata salemba h, amalemba cabwino, cifukwa, cake. Timalandira mameseji otero tsiku ndi tsiku kushopu kwathu. Ndiye poti "chonde" ali kale pa ndandanda, muikenso "conde", ndipo mukadzaika "chifukwa" muikenso "cifukwa". Koma ine funso langa ndi lina. Kodi sizingaphweke kungowerenga mawu othera ndi a, e, i, o, u? Mawu a Chichewa pafupifupi onse amathera choncho, a Chingerezi ambiri ayi.

Kondwani: Njira imeneyo ndi yabwino pa chiganizo chachitali cholembedwa mokwanira. Imagwa pawiri. Koyamba, anthu pa SMS amadya zilembo: `zkm`, `bwnj`, `ndfn`. Pamenepo palibe liwu lothera ndi a kapena o. Kachiwiri, Chingerezi chachifupi ngati `please give me the code` mawu onse asanu akuthera ndi e. Mutha kuiika ngati mboni yachiwiri, koma isakhale woweruza.

Wezi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuno ku Mzuzu. Nonse mukuyankhula ngati dziko lino lili ndi ziyankhulo ziwiri. Mayi anga ku Rumphi akalemba "Monire, nkhukhumba wovwiri", kodi ya a Kondwani ibweza `None`, njira ya a Limbani iti ndi Chichewa, onse awiri awatumiza kwa munthu amene mwina sadziwa Chitumbuka. Ndiye ayankhidwa m'Chichewa, iwo n'kuyankhanso m'Chitumbuka, kumangopita choncho. A ku Mangochi olemba Chiyao chimodzimodzi.

Tadala: A Wezi mwandigwira pakhosi. Tayamba kugulitsa ku Mzimba chaka chino. Mwa atatu aja mmodzi kwawo ndi ku Ekwendeni, ndiye akaona Chitumbuka anzake amangomuitana pakamwa. Palibe chinalembedwa paliponse.

Wezi: Ndiye chilembedwe. Tsiku limene adzapite ku maliro mudzadziwa kuti munali ndi mzere wachitatu osaudziwa. Ikani timawu tochepa, monire, yewo, nkhukhumba, yayi, kuti meseji izipakidwa `tum` ngakhale ipite ku gulu lomwelo la Chichewa. Pakatha miyezi iwiri mudzakhala ndi chiwerengero chokaonetsa abwana pokapempha munthu wina.

Gift wa ku Zomba: Koma palibe pulogalamu yopangidwa kale imene imadziwa Chichewa? Zolemba pamanja ndandanda zikuoneka ngati zachikale.

Kondwani: Ilipo. CLD3 ya Google ili ndi `ny` pa ndandanda yake, ndipo imakuuzani ngati ikudzikhulupirira pa `is_reliable`. Ya fastText yotchuka ija, `lid.176`, Chichewa mulibe, ndiye musagwe m'dzenje lomwe agwamo a Tadala. Koma ngakhale CLD3 imafuna chiganizo chotalikirapo. Pa mawu atatu osakaniza imapenekera, ndipo Chitumbuka ndi Chiyao sizidziwa. Ine ndingaigwiritse ntchito pothandizira pomwe ndandanda yabweza `None`, osati kuilowetsa m'malo mwake. Ndandanda ubwino wake ndi woti ikalakwitsa mumaona liwu lenileni limene lasokoneza, n'kulikonza pompo.

Anambewe: Tsono ndinene chimene chinatipweteka ife, chifukwa simunachikhudze. Poyamba tinkagawa meseji iliyonse payokha. Bambo wina analemba dandaulo lake m'Chichewa, linapita kwa mtsikana wathu wa Chichewa, anayamba kumuthandiza. Atafunsidwa nambala ya akaunti, bamboyo anayankha `Yes it is the one for my wife`. Meseji imeneyo inathawira kwa wa Chingerezi, amene sankadziwa chiyambi cha nkhani, n'kumufunsanso kuti tikuthandizeni chiyani. Bamboyo anabwerera ku Chichewa mokwiya, meseji n'kubwereranso kwa woyamba uja. Anthu awiri, kasitomala mmodzi, aliyense akuona theka la nkhani. Chiyankhulo muzichiona pa meseji yoyamba yokha, kenako nkhaniyo imamatire kwa munthu amene waitenga mpaka itatsekedwa. Ndipo chikadziwika, chilembedwe pa dzina la kasitomalayo kuti mwezi wamawa musadzayambirenso kulota.

Kondwani: Eya. Ndondomeko yake ikhale yotere: meseji ikafika, yambani mwaona ngati munthuyo ali ndi nkhani yosatseka, ipite komweko. Ngati palibe, onani chiyankhulo chimene chinasungidwa pa nambala yake. Pokhapokha ngati ndi mlendo m'pamene kodi ija igwire ntchito. Ngati muli pa RapidPro, pulogalamu yoyendetsera mameseji, malo ake alipo kale, `@contact.language`, ndipo imalemba ndi zilembo zitatu, `nya` ndi `eng`, n'chifukwa chake ndalemba choncho m'kodimo. Chinthu chimodzi: zomwe kompyuta yapenekera zisafufute zomwe munthu wasankha. Wantchito akasintha pamanja kuti uyu ndi wa Chichewa, zikhale choncho ngakhale mawa atumize ndime yonse ya Chingerezi.

Limbani: Nanga osangomufunsa mwiniwakeyo? Meseji yoyamba ikafika, ayankhidwe kuti dinani 1 Chichewa, 2 Chingerezi. Nkhani yatha.

Anambewe: Tinayesa. Ambiri sayankha funsolo. Munthu magetsi azima, walemba vuto lake, inu mukumupatsa mayeso. Amangobwereza dandaulo lija, kapena kulemba "1" poganiza kuti ndiye kuti athandizidwa msanga. Enanso amasankha Chingerezi chifukwa cha ulemu wake, kenako mukawatumizira malangizo a mizere isanu amaimba foni kuti tafotokozani bwinobwino.

Tadala: Pa WhatsApp pali mabatani, amalola mpaka atatu, ndiye Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi zikwana ndendende. Kudina batani n'kosavuta kusiyana ndi kulemba nambala.

Anambewe: Pa WhatsApp mwina. Koma meseji isadikire batanilo. Ipite kwa munthu nthawi yomweyo, batani lizingokonza ngati tinalakwitsa. Koma ine ndikanakonda funsolo lizifunsidwa ndi ejenti tsiku logulitsa sola, polemba fomu, maso ndi maso: tizikulemberani m'chiyankhulo chanji? Pamenepo munthu amanena zoona.

Wezi: Apo sindikuvomerezani kwenikweni mayi. Wolembetsa fomu nthawi zambiri ndi bambo, koma wotsala ndi sola pakhomo n'kumalemba mameseji ndi mayi kapena mwana wa sukulu. Nambala imodzi, anthu atatu, ziyankhulo mwina ziwiri.

Kondwani: Zimenezo zilibe yankho loyera. Ndinganene kuti chosungidwacho chikati `eng` koma nkhani yatsopano yayamba ndi Chichewa choonekeratu, ipite ku Chichewa. Chikati `nya` koma kwabwera Chingerezi, ikhale komweko. Ndi mfundo ya Anambewe yomwe ija. Ndipo a Tadala, mukamalemba funso la pa SMS samalani ndi ŵ komanso kankhodolero kopindika kamene Word imaika mu ng'. Chilembo chimodzi chotere chimatsitsa malire a meseji kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, ndiye mumalipira mameseji awiri kapena atatu pa uthenga umodzi. Kankhodolero komweko ndi kamene ndakasintha ndi `replace` m'kodi muja, apo ayi "pang’ono" amaduka pawiri.

Che Amidu: Nanga ife otumiza mawu ojambula? Ine sindilemba, maso anafooka. Ndimangodina n'kuyankhula.

Tadala: Apa ndiye mwafunsa zenizeni Che Amidu. Mavoisi ndi ambiri zedi kwathu, ndi zithunzi za sikirini ya sola.

Kondwani: Mulibe zilembo zoti kodi iwerenge, ndiye ndi `None`. Ngati nambalayo ili ndi chiyankhulo chosungidwa, tsatirani chimenecho. Ngati ndi yachilendo, kwa a Chichewa.

Anambewe: Koma muone kumene zonsezi zikuthera. Zokayikitsa kwa atatu aja, mavoisi kwa atatu aja, Chitumbuka, zithunzi, `ok`, zonse kwa iwo. Awiri a Chingerezi azikhala ndi bokosi loyera. Kwathu zinabweretsa kung'ung'udza, poti a Chingerezi ndiwo ankaonekanso ngati ofulumira pa malipoti a mwezi, chonsecho amalandira zosankhidwa kale. Musayerekeze liwiro la magulu awiriwa pa tebulo limodzi. Ndipo kukankhira meseji ku gulu lina kukhale kodina kamodzi, osati kulemba imelo kwa bwana. Kukakhala kovuta, anthu amangoisiya.

Kondwani: Kukankhako kuzilembedwanso penapake, chifukwa ndiye sikelo yanu. Musanayatse chilichonse, tengani mameseji oyamba 200 a mwezi watha, inu ndi mmodzi wa oyankha muwapake pamanja, kenako muyendetse kodi muone. Musawerenge kuti yakhoza angati mwa onse. Werengani a Chichewa angati amene yawaponya ku `eng`. Amenewo muwawerenge mmodzimmodzi, mupeza liwu losowa pa ndandanda. Muikenso belu: meseji iliyonse imene yakhala ku Chingerezi ola lathunthu osatsegulidwa kapena osayankhidwa, iwonekere kwa woyang'anira. Mayi a ku Kasiya akanapezeka Lachisanu lomwelo.

Gift wa ku Zomba: Ine pali gulu limene likundivutabe. Mphunzitsi walemba `Zikomo, I have received the token but my light is not working`. Kodi iti `nya` chifukwa cha zikomo yekhayo. Wa Chichewa amuyankha m'Chichewa. Ena amakhumudwa, amaona ngati mwawayesa osaphunzira.

Anambewe: Kugwera kwa wa Chichewa sikutanthauza kuyankhidwa m'Chichewa. Ali ndi maso, ayankhe m'chiyankhulo chimene munthuyo walemba.

Gift wa ku Zomba: Nanga ikagwera kwa wamanyazi uja?

Kondwani: Mutha kuchotsa zikomo ndi chonde pa ndandanda, kapena kunena kuti mawu aulemu okha sakwana ngati a Chingerezi afika anayi. Koma mukatero mwatsegula kampata mbali yoopsa ija: lisiti la Chingerezi lokhala ndi "chonde" yekha pansi lipita kwa osamva. Ine sindingachotse. Koma ndikumva kuti ena angasankhe mwina.

Wezi: Kapena dulani lisitilo kaye musanawerenge. Limabwera ndi kalembedwe kamodzimodzi nthawi zonse.

Kondwani: Mpaka tsiku limene adzasinthe kalembedweko osakuuzani. Koma inde, zingathandize.

Tadala: Zikomo nonse. Mawa ndikhala pansi ndi mnzathu wa ku Ekwendeni uja tipake mameseji 200, tione kuti a Chitumbuka alipo angati. Zikomo ndi chonde ndizisiya momwemo kaye. Wamanyazi uja ndimuuza kuti za Chingerezi azikankhira kwa anzake awiri a pambali pake, osati kudikira. A Limbani, munditumizireko timawu tina ta ku Chipata tomwe mumationa kawirikawiri.

Limbani: Nditumiza madzulo ndikatseka shopu. Muyambe ndi "nifuna" ndi "nalipila", a tauni kumeneko salemba nd.